Ulendo wa ku Joni walephereka: ndisinthe deti, ndisunge kirediti, kapena andibwezere ndalama?

"Ndine mayi wa ku Chilomoni, ndimachita geni ya zovala ndi nsapato ndipo katundu ndimakaoda ku Joni. Mwezi watha ndinagula tikiti ya ndege yopita ndi kubwera, yokwerera pa Chileka, pa K980,000 kwa ejenti wina m'tauni muno. Kwatsala masiku 9 kuti ndinyamuke koma mayi anga agonekedwa ku Kwinzi ndipo wowadikirira ndine. Ejenti akuti ndikafuna kusintha deti ndiwonjezere ndalama zoposa K300,000, ndikafuna ndalama zanga andibwezera K192,500 yokha, apo ayi andisungire ngati kirediti. Kodi sakundibera ameneyu? Ndichite chiyani?"

Pepani ndi matenda, mayi. Mulungu awakhudze mayi athuwo. Za tikitizi mtima ukhale m'malo, chifukwa mwafunsa nthawi ikadalipo. Pa zaka zimene ndakhala ndikudula matikiti muno mu Blantyre, anthu amene ndawaona akulira zenizeni ndi aja amabwera ndege itanyamuka kale. Inu mukadali ndi masiku 9, ndipo njira zonse zitatu zikadali zotsekula.

Zoti ejenti wanu akukuberani kapena ayi sindingalumbire ndisanaone pepala lanu, koma manambala amene wakupatsaniwo si achilendo. Akufanana ndi zimene zimatuluka pa tikiti yotchipa. Ndipo pali njira yoti mudzionere nokha popanda kudalira pakamwa pa munthu.

Tulutsani lisiti la tikiti yanu, lija anakutumizirani pa imelo kapena pa WhatsApp. Si pepala longoonetsa maola a ndege ayi, koma lija lili ndi nambala ya tikiti ya madijiti 13. Chakumunsi kwake mupeza kuti K980,000 ija si ndalama imodzi. Yagawika patatu. Ndakutumizirani funso lapadera ndipo mwandiwerengera zimene zalembedwapo, ndiye tigwiritse ntchito manambala anu omwewo, poika dola pa K1,750 monga anawerengera tsiku limene munagula. Mtengo weniweni wa mpando, umene pa pepala palembedwa `FARE`, ndi madola 380, kapena kuti K665,000. Kenako pali madola 70, K122,500, amene ali ndi zilembo `YQ`. Imeneyi yaikidwa pamzere wa misonkho koma si msonkho wa boma, ndi ndalama yowonjezera imene kampani ya ndege imadzitolera yokha, ndipo kale ankaitcha ya mafuta. Otsalawo, madola 110, ndiwo misonkho yeniyeni ya maboma ndi ya mabwalo a ndege, kuno ndi ku South Africa. Madola 110 kuchulukitsa ndi K1,750 mupeza K192,500. Mwaiona nambala ija?

Ndiye chimene ejenti akunena ndi chakuti tikiti yanu ndi ya mtundu wosabweza ndalama, ndipo chokhacho chingatuluke ndi misonkho. Misonkhoyo imabwezedwa chifukwa boma ndi bwalo la ndege zimalipiritsa munthu amene wadutsadi pabwalopo. Simunadutse, palibe chokulipiritsani. Ya `YQ` ija makampani ambiri amaimangirira ku mtengo wa mpando: mpando ukakhala wosabweza, nayonso siibwera.

Apa anthu amapsa mtima, ndipo ndimawamvetsa. Amati ndegetu ndi imodzi, mpando ndi womwewo, nanga bwanji mnzanga anamubwezera zonse? Nkhani yake ndi yakuti m'ndege imodzi, mbali ya anthu wamba yomweyo, mipando imagulitsidwa pa mitengo yambirimbiri, ndipo mtengo uliwonse uli ndi chilembo chake ndi malamulo ake. Timati kalasi. Chilembo `Y` nthawi zambiri chimaimira mtengo wathunthu, wodula kwambiri, umene munthu amasintha kapena kubweza mosavuta. Zilembo zinazo zimatsika mtengo, ndipo mtengo ukamatsika malamulo amanka naumirapo. Mutha kukhala moyandikana ndi munthu, kudya chakudya chimodzimodzi, koma iye analipira kawiri kuposa inu. Chimene anagula powonjezerapo si mpando wofewa, ndi ufulu wosintha maganizo. Inu munagula motchipa posinthanitsa ndi ufulu umenewo, kaya anakuuzani kaya sanakuuzeni. Ndipo kunena zoona, ife ogulitsa timalakwa pamenepa. Kasitomala akati "ndipezereni yotchipitsitsa" timathamangira kudula, malamulo n'kuwatchula mothamanga ngati wolengeza maliro pa wailesi.

Muuzeni ejenti akutumizireni malamulo a mtengo wa tikiti yanu monga alembedwera pa kompyuta yake, osati mwa mawu ake. Ndi ufulu wanu, ndipo sizitenga mphindi ziwiri. Gawo lofunika ndi la zindapusa, lolembedwa `PENALTIES`. Pa tikiti ngati yanu pamaoneka zonga izi:

```
CHANGES
  BEFORE DEPARTURE CHARGE USD 100.00
  NO-SHOW CHARGE USD 200.00
CANCELLATIONS
  TICKET IS NON-REFUNDABLE
```

Mzere woyamba ukunena za kusintha ndege isananyamuke: madola 100. Wachiwiri ukunena za munthu amene sanafike pabwalo ndipo sanadziwitse. Womaliza ndi uja wakuti ndalama sizibwezedwa. Ngati zimene akutumizireni zikugwirizana ndi zimene anakuuzani, ejenti wanu ndi wolungama. Akayamba kuzembazemba kutumiza, pamenepo yambani kukayika.

Tsopano tibwere pa K300,000 yosinthira deti. Mwina mukudabwa kuti lamulo likuti madola 100, amene ndi K175,000, nanga zinazo zachokera kuti? Apa ndi pamene ambiri amaona ngati aberedwa. Kusintha tikiti kuli ndi mitengo iwiri yosiyana, ndipo wachitatu ndi wa ejenti. Woyamba ndi chindapusa chija, chimene sichisuntha. Wachiwiri ndi kusiyana kwa mtengo. Mukasankha deti latsopano, kompyuta imayang'ana ngati kalasi yanu ija ikadali ndi mpando tsiku limenelo. Mipando ya makalasi otchipa imakhala yochepa ndipo imayamba kutha ndiyo. Ikatha, mumakwezedwa kupita ku kalasi yotsatira imene ilipo, n'kulipira kusiyanako. Kwa inu, ejenti anayang'ana deti la masabata atatu kutsogolo n'kupeza kuti mpando wotchipitsitsa ulipo ndi wa madola 460. Kuchotsapo 380 amene munalipira, patsala madola 80, K140,000. Kuphatikiza ndi chindapusa zikukwana K315,000. Ejenti naye amaikapo yake ya ntchito, tinene K25,000, chifukwa kudulanso tikiti ndi ntchito ndipo pa chindapusa chija iye sadyapo kanthu. Zonse pamodzi K340,000.

Pa ndalama zitatuzi, imene mungaichepetse ndi ya pakatiyo. Musamuuze ejenti deti limodzi. Muuzeni kuti, "Ndiyang'anireni masiku onse a sabata iyi ndi iyo amene kalasi yanga ilipo." Kawirikawiri pakati pa sabata mipando yotchipa imapezekako kusiyana ndi Lachisanu kapena Lamulungu, ndipo deti likakhala patali mwayi umakula. Mu Disembala ndi poyandikira Isitala musayembekezere zozizwitsa, anthu a ku Joni amakhala akubwera kumudzi ndi kubwerera. Kalasi yanu ikapezeka, K140,000 ija itha kuchoka yonse kapena kutsala pang'ono. Ndikuti pang'ono chifukwa tikiti imene simunayendepo n'komwe, mukasintha ulendo woyamba, imawerengedwanso pa mitengo ya lero ndi dola ya lero, osati ya tsiku munagula.

Koma ine sindikukulangizani kusintha deti panopa. Chifukwa chake n'chapafupi: chindapusa chimalipidwa nthawi iliyonse mwasintha. Matenda sapangana ndi munthu. Mukalipira K340,000 lero kuti mupite pakatha masabata atatu, tsikulo n'kufika mayi asanatuluke m'chipatala, mudzalipiranso madola 100 ena. Ndinaonapo bambo wina akusintha katatu tikiti imodzi podikira viza, mpaka zindapusa zinaposa mtengo wa mpando. Munthu amene sakudziwa tsiku loyenda asagule deti.

N'chifukwa chake tiyenera kukhalitsa pa nkhani ya kirediti, chifukwa ndi imene ikukuyenerani, komanso ndi imene ili ndi misampha yambiri.

Kirediti si ndalama zanu zosungidwa ngati ku banki mkhonde, zoti tsiku lina mudzagawana. Rifandi ndiye ndalama: zimachoka ku kampani kubwerera kwa inu, mukagulire mankhwala kapena kulipira lendi ya shopu, nkhani ya tikiti yathera pomwepo. Kirediti ndi lonjezo chabe lakuti kampani yomweyo idzakunyamulani mtsogolo, mkati mwa nthawi yoikika, pa malamulo ake. Simungaigulire china chilichonse. Simungapite nayo ku kampani ina. Ndipo nthawi ikatha imafa, osatsala ngakhale tambala ya mtengo wa mpando.

Mawu akuti kirediti anthu amawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri, ndiye mufunse kuti ejenti wanu akunena iti. Yoyamba ndi imene ife timati tikiti yotsekula. Amafufuta mpando wanu pa ndege ya tsiku lija, koma tikitiyo, ndi nambala yake ija ya madijiti 13, imatsala yamoyo mu kompyuta, itaonetsa kuti `OPEN`. Lero simulipira kanthu. Tsiku mudzadziwe deti, mudzalipira chindapusa chija kamodzi, kuphatikiza kusiyana kwa mtengo ngati kulipo. Mvetsani bwino pamenepa: chindapusa sichinakhululukidwe, changodikira. Anthu ambiri amabwera pakatha miyezi isanu chimanjamanja, ali "ndabwera kudzatenga ulendo wanga uja", ndiye ukawauza za madola 100 nkhondo imayambika.

Yachiwiri ndi vocha. Apa tikiti yakale imatsekedwa, mtengo wake, nthawi zina atachotsapo kale chindapusa, n'kulembedwa pa chikalata china chokhala ndi nambala yakeyake, chimene pa kompyuta chimatchedwa `EMD`. Vocha ili ndi ubwino woti makampani ena amalola kuigwiritsa ntchito pa ulendo wina uliwonse wa ndege zawo, osati wa ku Joni wokha. Koma ukangoilandira, kawirikawiri njira yobwerera ku ndalama imatsekeka.

Pa mitundu yonse iwiri, funso loyamba ndi deti lothera. Lamulo lofala ndi lakuti tikiti imene sinayendepo imakhala yamoyo chaka chimodzi kuchokera tsiku imene inadulidwa. Osati tsiku la ulendo, osatinso tsiku mwafufutitsa mpando. Inu munagula mwezi watha, ndiye mwezi umodzi wadyeka kale. Mufunsenso kuti pofika tsiku lotheralo mukhale mutangosankha deti latsopano, kapena mukhale mutanyamuka, kapena mutapita ndi kubwerako, chifukwa makampani amasiyana pamenepa. Yankho likhale lolembedwa. Mulembe detilo pa kalendala wa m'shopu ndi pa foni, n'kudziikira nokha malire a mwezi umodzi lisanafike.

Funso lachiwiri ndi dzina. Tikiti yotsekula ndi ya munthu amene dzina lake lili pamenepo basi. Ndikudziwa zimene mukuganiza, chifukwa amayi a geni onse amandifunsa: "Bwanji apite mng'ono wanga akandiodere?" Sizitheka. Kukonza chilembo chimodzi kapena ziwiri zolakwika m'dzina amalola, koma kuchotsa munthu kuikapo wina ayi. Pa vocha makampani owerengeka amalola kugulira munthu wina, koma musaganizire, funsani.

Funso lachitatu ndi limene anthu safunsa, koma kuno kwathu ndi lalikulu: kirediti yanuyo yalembedwa mu ndalama yanji, madola kapena makwacha? Mitengo ya maulendo a kunja imaikidwa mu madola, ife timangoisandutsa makwacha tsiku logula. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700. Ndinali ndi kasitomala amene anali ndi vocha ya K649,000, imene pamene ankailandira inali yokwana madola 550, tikiti yathunthu. Atabwera nayo kwacha itagwa, ndalama yomweyo inali madola 382 okha. Mtengo wa tikiti mu madola sunasinthe ngakhale pang'ono, koma anayenera kuwonjezera pafupifupi K290,000. Anakhala pampando wa mu ofesi mwanga nthawi yaitali, akungotembenuza pepalalo ngati kuseri kwalembedwa nambala ina. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti kirediti ya makwacha isagonekedwe. Mukangodziwa deti, idulitseni msanga.

Pali kamsampha kenanso kakang'ono. Tikiti yatsopano ikakhala yotchipa kuposa kirediti yanu, chenji chake pa matikiti osabweza kawirikawiri chimapita, sakupatsani. Ndiponso musamvere amene angakuuzeni kuti mukweze tikiti kupita ku kalasi yobweza ndalama kenako mupemphe rifandi. Njira imeneyo makampani anaitseka kalekale: ndalama imene inayamba ili yosabweza imakhalabe yosabweza ngakhale tikiti isinthidwe kangati.

Tiyeni tiike pa sikelo. Mukatenga rifandi mulandira K192,500, mwinanso ejenti achotsepo yake ya ntchito, ndipo K787,500 yalowa m'madzi. Mukadzafuna kupita ku Joni mudzagula tikiti ina, imene pa mitengo ija tinaona ndi madola 640, K1,120,000. Kuchotsapo zimene munabwezeredwa, m'thumba mwanu mudzatuluka K927,500. Mukasunga tikiti yotsekula, ulendo womwewo udzakudyerani K340,000, ndipo mukapeza kalasi yanu, mwina K200,000 yokha. Kwa munthu ngati inu amene ku Joni ndiye kumunda kwanu, ndipo mukudziwa kuti chaka sichingathe musanapiteko, kirediti ikuposa kutali. Rifandi ya misonkho yokha imayenera munthu amene ulendo wafa zenizeni, monga wopita ku ukwati umene walephereka. Ndikudziwanso kuti pa matenda ndalama ya m'manja imafunika, ndipo ngati K192,500 ndi imene ingagule mankhwala sabata ino, palibe angakunyozeni. Koma dziwani kuti mukugulitsa chinthu cha K980,000 pa mtengo umenewo. Kuli bwino kubwereka kwa achibale kusiyana ndi kutero. Ndipo misonkho ija siithawa: mukaona pakatha miyezi kuti ulendo suthekadi, mutha kuipemphabe tikiti isanathe nthawi.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chingaononge zonsezi, ndipo ndi chosavuta kuchita munthu ali ku chipatala, tulo tosagona, masiku osawawerenga. Ndicho kusiya tsiku la ulendo lidutse mpando usanafufutidwe. Ndege ikanyamuka dzina lanu likadali pa mndandanda, kompyuta imakulembani `NO-SHOW`. Pa tikiti yanu ndi madola 200, K350,000, ndipo makampani ambiri amaiwonjezera pamwamba pa chindapusa chosinthira chija. Pa matikiti ena otchipitsitsa, mtengo wonse wa mpando umafera pomwepo. Makampani enanso amakuwerengani kuti simunafike ngakhale mutafufutitsa, ngati mwachita zimenezo patangotsala maola ochepa. Malire a maolawo alembedwa m'malamulo omwe aja.

Choopsa china pa nkhani yomweyi n'chakuti ulendo wobwerera nawonso umafufutika. Zigawo za tikiti ziyenera kuyendedwa motsatana. Mnyamata wina wa ku Ndirande anachedwa ndege ya pa Chileka, n'kuganiza mwanzeru zake kuti palibe vuto, apita pa basi. Anadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, masiku awiri pamsewu, ali ndi chikhulupiriro choti pobwera akwera ndege ndi katundu wake. Atafika pa bwalo la ndege la O.R. Tambo ku Joni ndi zikwama zinayi anamuuza kuti dzina lake mulibe. Anandiimbira foni ali pa kauntala pomwepo, ndipo panalibe chimene ndikanachita koposa kumudulira tikiti ina ya ulendo umodzi pa mtengo wa tsiku lomwelo, umene ndi wowawa. Akanangoimba asanakwere basi, tikanawerengetsa kuti tikiti isinthidwe bwanji.

Ndiye mufufutitse liti? Pa malamulo a tikiti yanu, kufufutitsa lero kapena pakatha masiku asanu mtengo ndi umodzimodzi. Pali kaphindu kakang'ono podikira pang'ono. Choyamba, mayi atha kupeza bwino inu n'kuyenda monga munakonzera. Chachiwiri, kampani ikakhala kuti ndiyo yalepheretsa ndegeyo kapena yasuntha nthawi kwambiri, nkhani yonse imatembenuka. Malamulo aja a zindapusa amagwira munthu amene wasintha mwa kufuna kwake. Wosintha akakhala kampani, mumayenera kusamutsidwa ulere kapena kubwezeredwa ndalama zonse, ngakhale pa tikiti yosabweza. Koma mukakhala mutafufutitsa kale nokha, mwayi umenewo sukukhudzani. Choncho yang'anani imelo ndi mauthenga a pa foni masiku amenewa. Mukalandira uthenga wosintha nthawi, musadine batani lovomera ndipo musalandire vocha musanalankhule ndi ejenti, chifukwa makampani amakonda kuika vocha patsogolo, ndalama n'kuibisa kumbuyo. Komabe musadikire mpaka usiku womaliza. Ine ndinganene kuti pakatsala masiku atatu, mayi akadali m'chipatala, fufutitsani. Tsiku la ulendo likakhala Lolemba, chitani zimenezi Lachinayi kapena Lachisanu m'mawa maofesi ali otsekula.

Mwina mukufunsa ngati matenda a mayiwo sangakhale chifukwa chokukhululukirani chindapusa. Yesani, koma musaikepo mtima wonse. Malamulo ambiri amakhululuka pa imfa ya wokwera kapena ya wachibale wapafupi, monga kholo, mwana, mwamuna kapena mkazi, pakakhala chikalata cha imfa. Sitikupempha zimenezo, ndangotchula kuti mudziwe. Pa matenda, ena amamvera akadwala wokwerayo mwiniwake, ndipo owerengeka okha ndiwo amafika pa wachibale. Pemphani kalata kwa dokotala wa pa wodi, ya deti ndi chidindo, yonena kuti mayi agonekedwa ndipo wowadikirira ndinu. Ejenti aitumize ku ofesi ya kampani ndi pempho. Amene amakhululuka ndi kampani, osati ejenti. Iye akachotsa chindapusa payekha popanda chilolezo cholembedwa, kampani imadzamulipiritsa iyeyo, ndiye musamuone ngati wouma mtima. Ngati pogula tikiti munagulanso inshulansi ya ulendo, werengani gawo la kulephereka kwa ulendo ndipo adziwitseni msanga, ngakhale kuti matenda amene analipo kale musanagule nthawi zambiri salipira.

Ena pa WhatsApp akuuzani kuti pali lamulo loti tikiti imabwezedwa yonse mkati mwa maola 24. Limenelo ndi la ku America, la maulendo opita kapena ochokera kumeneko, ogulidwa kutatsala masiku 7 kapena kuposa. Ulendo wa Chileka ndi Joni silikuukhudza. Chimene tili nacho ife ndi chakuti ejenti atha kupha tikiti tsiku lomwelo imene yadulidwa, pakati pa usiku pasanakwane, ngati kuti sinadulidwe. Kwa inu nthawi imeneyo inadutsa, koma ulendo wina mukagula m'mawa n'kuona vuto masana, thamangani tsiku lomwelo.

Mukadzasankha rifandi, kaya ya misonkho kaya yonse, dziwani kuti imadutsa njira imene ndalama inalowera. Munagula kwa ejenti, ndiye ofesi ya kampani idzakubwezani kwa ejenti yemweyo. Munalipira pa khadi, zidzabwerera pa khadi lomwelo, ndipo akakhala kuti anakulipirirani wina, zidzapita kwa iyeyo. Zimabwera mu makwacha amene munalipira, osati pa dola ya lero. Zimatenga masabata angapo. Pemphani chikalata chosonyeza kuti rifandi yalowetsedwa, chokhala ndi nambala ya tikiti ndi kuchuluka kwa ndalama. Pakadutsa mwezi ndi theka muli kuuzidwa kuti "kampani sinatumize", tengani nambala ija ya madijiti 13 mupite nayo nokha ku ofesi ya kampani ya ndegeyo kapena pa kauntala yawo pa Chileka, mufunse kuti tikiti ikuonetsa chiyani. Ikaonetsa kuti inabwezedwa kale, ndiye kuti ndalama zili kwa ejenti. Ikaonetsabe `OPEN`, ndiye kuti rifandi sinachitikebe, ndipo mufunse ngati pempho lanu linafika n'komwe. Muchite chimodzimodzi pa kirediti: patatha tsiku limodzi mutafufutitsa, tsimikizani kuti tikiti ikadali `OPEN`. Ndinamvapo za ejenti wina amene anauza kasitomala kuti wamusungira kirediti, pamene iye anali atatenga misonkho ija n'kutseka tikiti. Zikafika poterepo, lembani kalata yodandaula kwa mwini ofesiyo, musunge kope, ndipo akapanda kukuthandizani pitani ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma limene limamva madandaulo a ogula. Mutenge lisiti, malamulo aja, ndi mauthenga onse.

N'chifukwa chake zonse muzichita molemba, osati pa foni yapakamwa. Mawa m'mawa, muli pa benchi ya pa wodi pomwepo, mulembereni ejenti uthenga umodzi. Muikemo nambala ya tikiti ndi kodi ya bukingi ya zilembo 6 ija. Mumupemphe malamulo a zindapusa monga alembedwera, deti lenileni limene tikiti idzathe, ngati kirediti yake ndi tikiti yotsekula kapena vocha ndi ndalama imene yalembedwamo, komanso maola omaliza ofufutitsira mpando. Mumuuzenso kuti asafufute kanthu mpaka inu mutamulembera. Tsiku lofufutitsa likafika, mulembe kuti, "Fufutani mpando wa ulendo wopita ndi wobwera, tikiti muisiye yotsekula, musapemphe rifandi," ndipo musagone asanakuyankheni kuti zatheka. Foni ikakhala kuti imavuta netiweki ku wodiko, mutume mng'ono wanu apite ku ofesi ndi uthenga womwewo, abwere ndi pepala losindikiza.